Mzere wa M'nyanja Umene Usintha Tsiku

M'mudzi waukulu wa Chitungwiza, kumwera kwa Harare, muli mabanja ambiri a anthu amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambiki kudzafuna nchito. Monga momwe makolo anayendera, ana naonso ayenda, ndipo kuyambira m'zaka za 2000 ena a iwo anapita kutali koposa, ku Australia, ku New Zealand ndi ku Amereka. Tsono otsala ku St Mary's, ku Zengeza kapena ku Seke, akamalankhula ndi abale aowo pa lamya, amakumana ndi cinthu cozizwitsa. Pa 31 Disembala, nthawi ya 1 koloko masana, mwana wa ku Auckland ali kufuula kale kuti caka catsopano cafika. M'mawa mwace, pa 1 Januwale nthawi ya 9 koloko, anthu a ku Chitungwiza atagona ndi kudzuka m'caka catsopanoco, mwana wa ku Los Angeles akali m'caka cakale.

Anthu ambiri adziwa kuti maora amasiyana m'maiko. Koma funso lobvuta ndi ili: ngati kwina kuli Loweruka pamene kwina kukali Lacisanu, kodi masiku awiriwo akumana pati? Yankho lace lili pakati pa nyanja yaikulu ya Pasifiki, pa mzere umene anthu anapangana kuti ukhale malire a masiku. Munthu woupyola asintha tsiku pa kalendala yace, ngakhale dzuwa lili pamene linali.

Dzungu ndi nyali

Kuti nkhaniyi imveke, iyenera kuyambira pa kayendedwe ka dziko. Dziko lapansi liri lobulungira, ndipo lizungulira kamodzi pa maora 24, kulowera ca kum'mawa. Munthu atatenga dzungu usiku, naliika patsogolo pa nyali, nalizunguza pang'onopang'ono, adzaona kuti mbali imodzi iri m'kuwala ndi ina mumdima, ndi kuti malo ali onse a pa dzungulo alowa m'kuwala pa nthawi yace. Momwemo ndimo licitira dziko pamaso pa dzuwa. Maiko a kum'mawa ayamba kuona dzuwa, a kumadzulo aliona pambuyo.

Dzungu liri ndi mizere yocokera pa phesi kufika kunsi. Akatswiri a mapu analemba mizere yotere pa dziko, yocokera kumpoto kweni-kweni kufika kumwera kweni-kweni, nagawa kuzungulira konse kwa dziko m'magawo 360 amene amati madigiri. Popeza dziko litsiriza madigiri 360 pa maora 24, ndiye kuti pa ora limodzi lipita madigiri 15, ndipo digiri imodzi ilingana ndi mphindi 4.

Kuwerenga madigiriwa kuyambira pa mzere wodutsa ku Greenwich, m'mudzi wa London. Chitungwiza ali pafupi ndi digiri 31 kum'mawa kwa Greenwich, Blantyre ali pa 35, ndipo Lusaka ali pafupi ndi 28. Cifukwa cace dzuwa lifika pamutu ku Blantyre poyamba. Patapita mphindi ngati 16 lifika pamutu ku Chitungwiza, ndipo ku Lusaka lifika pafupifupi theka la ora pambuyo pa Blantyre. Koma kukadakhala kobvuta kuti mudzi uli wonse ukhale ndi nthawi yaceyace. Motero Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambiki atsata nthawi imodzi, ya pa digiri 30, imene iri patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maora awiri.

Amithenga awiri

Tsono munthu aganize kuti ku Chitungwiza kuli Lacisanu, 12 koloko masana, ndipo amithenga awiri atumidwa kukafunsa nthawi m'maiko onse. Amithengawa ngaliwiro ngati mau a wailesi, sataya ndi mphindi yomwe pa njira. Wina alowera kum'mawa, mnzace kumadzulo, ndipo apangana kukakumana kuseri kwa dziko, pa digiri 180, pamene pali pakati-kati kucokera ku Greenwich mbali zonse ziwiri.

Wa kum'mawa, akapita madigiri 15 ali onse, apeza kuti koloko yapita patsogolo ndi ora limodzi. Kucokera pa digiri 30 kufika pa 180 ndi madigiri 150, ndiwo maora 10. Motero afika pamalo a pangano ali kunena kuti nthawi iri 10 koloko usiku, Lacisanu.

Wa kumadzulo njira yace njotalikirapo, pakuti ayamba wabwerera madigiri 30 kufika ku Greenwich, napitirira madigiri ena 180. Onse pamodzi 210, ndiwo maora 14. Iyeyu koloko yace ibwerera m'mbuyo. Akacotsa maora 12 afika pakati pa usiku, poyambira Lacisanu. Akacotsa awiri otsalawo walowa m'tsiku la dzulo. Motero afika pamalo omwewo ali kunena kuti nthawi iri 10 koloko usiku, Lacinai.

Amithenga awiriwa aimirira pamodzi, nyenyezi zomwezo ziri pamwamba pao, ndipo makoloko ao agwirizana. Koma wina ati Lacisanu, mnzace ati Lacinai, ndipo palibe amene walakwa pa kuwerenga. Apa ndipo pali mutu wa nkhani yonse. Pa dziko lobulungira, maora oonjezedwa mbali imodzi ndi maora ocotsedwa mbali inayo ayenera kukumana pena pace, ndipo pokumanapo asiyana maora 24, ndilo tsiku lathunthu. Kusiyanaku sikungathe kufafanizidwa. Cimene anthu angathe n'kusankha malo oti kukhalepo.

Amalinyero amene anataya tsiku

Oyamba kukumana ndi cozizwitsa cimeneci anali amalinyero a Ferdinand Magellan. Iwo anacoka ku Spain m'caka ca 1519 ndi zombo zisanu, nalowera kumadzulo. Magellan mwini anafera ku Philippines mu 1521, ndipo combo cimodzi cokha, dzina lace Victoria, ndico cinatsiriza kuzungulira dziko, cotsogozedwa ndi Juan Sebastian Elcano. Citazungulira kunsi kwa Afirika, cinaima pa zilumba za Cape Verde m'mwezi wa Julai 1522. M'combomo munali Antonio Pigafetta, amene analemba buku la ulendo osadumpha tsiku. Monga mwa buku lacelo tsikulo linali Lacitatu, koma anthu a pa cilumba anati kuli Lacinai. Amalinyero anazizwa, pakuti sanadziwe kumene tsiku limodzi linatayikira.

Tsikulo linatayika pang'onopang'ono. Munthu wopita kumadzulo ali ngati wolondola dzuwa, ndipo dzuwa licedwa pang'ono kumlowera. Pa digiri iri yonse imene combo cinapita, tsiku la amalinyero linatalika ndi mphindi 4. Palibe akadazindikira zimenezi, pakuti mphindi zowerengeka pa tsiku sizioneka. Koma madigiri 360, iri yonse mphindi 4, apanga mphindi 1,440, ndiwo maora 24. Motero amalinyero anaona kutuluka kwa dzuwa kocepa ndi kamodzi kuposa anthu amene anatsala kwao. Akadalowera kum'mawa, masiku ao akadafupika, ndipo akadabwera ali patsogolo ndi tsiku limodzi.

Kumene mzere unaikidwa

M'caka ca 1884 nthumwi za maiko 25 zinasonkhana ku Washington, nizisankha Greenwich kukhala poyambira kuwerenga madigiri. Msonkhanowo sunalembe lamulo la mzere wosinthira tsiku, ndipo kufikira lero palibe pangano la maiko onse lonena pamene mzerewo uyenera kudutsa. Koma Greenwich atasankhidwa, digiri 180 inakhala malo oyenera, ndipo mwamwai iyo idutsa pakati pa nyanja ya Pasifiki, kumene anthu ali ocepa. Mzerewo ukadadutsa pakati pa Harare ndi Chitungwiza, munthu akadakwera basi ku Makoni Lolemba m'mawa, nakafika ku nchito pa tsiku lina, ndipo malipiro, milandu ndi mapemphero zikadasokonezeka masiku onse.

Pa nyanjapo palibe cizindikiro ciri conse, ngakhale mtengo kapena mwala. Mzere uli pa mapu cabe. Ndiponso suli woongoka, cifukwa dziko liri lonse lidzisankhira lokha tsiku loti litsate, ndipo olemba mapu angokhotetsa mzere monga mwa kusankhako. Kumpoto upatuka kuti dziko la Russia lonse likhale mbali imodzi ndi Alaska yense mbali inayo. Kumeneko kuli tizilumba tiwiri, dzina lace Diomede, totalikirana ngati makilomita anai okha, kena ka Russia, kena ka Amereka. Munthu woima pa ka Amereka atha kuona ndi maso malo amene kalendala yace iri kale pa tsiku la mawa.

Malire awiri a tsiku

Pali cinthu cina cothandiza kumvetsa mzerewu. Tsiku liri lonse liri ndi malire awiri pa dziko. Malire oyamba ndiwo pakati pa usiku, ndipo amenewa sakhala malo amodzi. Ayenda kulowera kumadzulo, nazungulira dziko lonse pa maora 24. Malire aciwiri ndiwo mzere wa m'nyanja uja, umene sucoka pamalo pace.

Zifanana ndi moto wa lupsa woyatsidwa m'mphepete mwa dambo. Moto uyenda, ndipo kumbuyo kwace kuli kopserera, kutsogolo kwace kukali udzu. Pakati pa usiku ndiye motowo. Ayambira pa mzere, napita ku New Zealand, ku Australia, ku India, ku Afirika, nadzaoloka kunka ku Amereka. Kumene wadutsa kale kuli tsiku latsopano, kumene sanafike kukali tsiku lakale. Pamene ku Chitungwiza kuli 2 koloko masana, pa digiri 180 pali pakati pa usiku, ndipo ku Fiji tsiku la mawa layamba. Lidzafika ku Chitungwiza patapita maora 10, ndipo lidzapitirira kufikira litabwera pa mzere kucokera mbali inayo. Cifukwa cace mbali ya mzere yoyang'ana ku Asia ndi Australia ikhala patsogolo nthawi zonse, ndipo mbali yoyang'ana ku Amereka ikhala m'mbuyo.

Lamulo la woyenda licokera pamenepa. Wopyola mzere kulowera kotulukira dzuwa, monga kucokera ku New Zealand kunka ku Amereka, abweza kalendala m'mbuyo tsiku limodzi. Wopyola kulowera kolowera dzuwa, kucokera ku Amereka kunka ku New Zealand, adumpha tsiku limodzi.

Ulendo wa ku Honolulu

Citsanzo cidzaonetsa bwino. Mwana wa ku Chitungwiza wokhala ku Auckland afuna kupita ku Honolulu, pa zilumba za Hawaii, m'mwezi wa Juni. Pa mwezi umenewo Auckland ali patsogolo pa Chitungwiza ndi maora 10, ndipo Honolulu ali m'mbuyo mwa Chitungwiza ndi maora 12. Ulendo wa pa ndege utenga maora ngati 9.

Ndege inyamuke ku Auckland Loweruka, 8 koloko usiku. Makolo ace ku Zengeza akayang'ana koloko yao aona 10 koloko m'mawa, Loweruka lomwelo. Atapita maora 9 a ulendo, koloko ya ku Zengeza iri pa 7 koloko madzulo. Kucotsapo maora 12, ku Honolulu kuli 7 koloko m'mawa, Loweruka. Motero mwanayo wanyamuka Loweruka usiku, nafika Loweruka m'mawa, ndipo adzadya cakudya ca masana a Loweruka kaciwiri.

Pobwerera adzabweza ngongoleyo. Anyamuke ku Honolulu Lamulungu, 11 koloko usiku. Ku Zengeza kuli Lolemba, 11 koloko m'mawa. Atapita maora 9, ku Zengeza kuli 8 koloko usiku, ndipo kuonjezapo maora 10, ku Auckland kuli 6 koloko m'mawa, Laciwiri. Lolemba la mwanayo linayamba ali m'ndege, nilitha patapita maora owerengeka, pamene ndege inapyola mzere. Ngati anayembekezeka ku nchito Lolemba, wajomba.

Njira yosalakwa powerengera ulendo wotere ndi imeneyi: kusandutsa nthawi yonyamukira kukhala nthawi ya malo amodzi odziwika, kuonjeza maora a ulendo, ndipo pomarizira pace kusandutsa kukhala nthawi ya kofikira. Wocita motero safunika kukumbukira za mzere konse, pakuti tsiku lidzikonza lokha. Ndiponso nthawi ndi tsiku zolembedwa pa tikiti ya ndege ziri za malo amene ndege inyamukira kapena kutera, si za kwao kwa woyenda ai. Munthu akaona tikiti yonena kuti adzafika asananyamuke, kapena kuti ulendo wa maora 9 watenga masiku awiri, asaganize kuti kalaliki walakwa. Adziwe kuti njira yace ipyola mzere.

Zinthu ziwiri zisokoneza anthu kawirikawiri. Coyamba, ena ayesa kuti wopita ku New Zealand kucokera ku Harare apyola mzere, popeza afika tsiku litasintha. Sikutero ai. Wodzera ku Johannesburg ndi ku Australia, kapena ku Dubai, safika pa mzere; iye angoonjeza maora pa koloko yace. Caciwiri, wopyola mzere sapindula kapena kutaya nthawi ya moyo wace. Thupi lace lakhala m'ndege maora 9, ndipo lakalamba maora 9 omwewo. Casintha n'dzina la tsiku.

Maiko amene anasuntha mzere

Umboni woti mzerewu ndi pangano la anthu uli ku Samoa, dziko la zilumba kum'mawa pang'ono kwa digiri 180. Kale Samoa anali kutsata tsiku la mbali ya Australia. M'caka ca 1892, pofuna kugwirizana ndi amalonda a ku Amereka, mfumu Malietoa Laupepa anasamutsira dziko lace mbali ya Amereka, ndipo Lolemba la pa 4 Julai linawerengedwa kawiri.

Patapita zaka 119 zinthu zinali zitasintha. Malonda ambiri a Samoa anali ndi New Zealand ndi Australia, kumenenso kukhala Asamoa ambiri. Koma pamene ku Apia, likulu la Samoa, kunali Lacisanu, ku Auckland kunali Loweruka, maofesi ali otseka. Ndipo pamene ku Auckland anatsegula Lolemba, ku Apia anthu anali ku mapemphero a Lamulungu. Pa sabata iri yonse masiku awiri a malonda anali kuonongeka. Cifukwa cace boma la nduna yaikulu Tuilaepa Sailele Malielegaoi linalamula kubwerera mbali yakale. Lacinai la pa 29 Disembala 2011 litatha pakati pa usiku, kunaca Loweruka, 31 Disembala. Lacisanu la pa 30 Disembala silinakhaleko konse m'dzikomo.

Kusinthaku kunabala bvuto limene ambiri sanaliyembekeze. Sabata imeneyo inali ya masiku 6 okha, ndipo akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist, opembedza tsiku lacisanu ndi ciwiri, anasiyana maganizo. Ena anati kuwerenga masiku asanu ndi awiri kusaduke, ngakhale tsiku lao ligwere pa Lamulungu la kalendala yatsopano; ena anati Sabata ndi tsiku limene kalendala ya dziko iti Loweruka. Ndiponso zilumba zoyandikana nazo za American Samoa zinatsala mbali ya Amereka. Lero ulendo wa pa ndege wocokera ku Apia kunka ku Pago Pago sukwana ora limodzi, koloko za mbali ziwirizo zigwirizana, koma woyenda afika pa tsiku la dzulo.

Dziko la Kiribati linali ndi bvuto loposa, pakuti zilumba zace zamwazikana mbali zonse ziwiri za digiri 180, ndipo maofesi a boma limodzi anali kutsata masiku awiri. Kuyambira pa ciyambi ca 1995 dziko lonse linatenga tsiku limodzi, la mbali ya Asia, ndipo mzere unakhota kwambiri kulowera kum'mawa. Motero cilumba cace ca Kiritimati ciri patsogolo pa Greenwich ndi maora 14, ndiko kuti patsogolo pa Chitungwiza ndi maora 12. Kumeneko tsiku latsopano liyamba msanga, maora awiri lisanafike ku Fiji.

Cifukwa ca kukhota kumeneku pali nthawi yocepa tsiku liri lonse pamene anthu a pa dziko lapansi ali m'masiku atatu. Pamene ku Chitungwiza, ku Lusaka ndi ku Blantyre kuli Lacisanu, hafu pasiti 12 masana, ku Kiritimati Loweruka layamba kale ndi theka la ora, koma ku Pago Pago kukali Lacinai, hafu pasiti 11 usiku. Kukakwana 1 koloko masana kuno, Lacinai litha ku Pago Pago, ndipo m'midzi ya anthu mutsala masiku awiri monga mwa nthawi zonse.

Tsono womvera amene ali ndi mbale kutsidya kwa nyanja, pofuna kudziwa tsiku limene mbaleyo alimo, afunse cinthu cimodzi cokha: kodi dziko lacelo liri patsogolo kapena m'mbuyo mwa nthawi ya kuno, ndipo ndi maora angati? Akaonjeza maorawo napyola pakati pa usiku, mbaleyo ali kale m'tsiku la mawa; akacotsa napyola pakati pa usiku, mbaleyo akali m'tsiku la dzulo. Akumbukirenso kuti maiko ena asuntha koloko zao ndi ora limodzi pa miyezi yotentha. Auckland ali patsogolo pa Chitungwiza ndi maora 10 mu Juni, koma ndi maora 11 mu Disembala, ndipo n'cifukwa cace moni wa caka catsopano wocokera kumeneko afika 1 koloko masana.